Thumba la simenti pa mtengo wa laimu: msampha wa VLOOKUP

Kotesheni ya matumba 40 a simenti, zitini 6 za penti ndi malata 25 ikhoza kutuluka itaperewera ndi K542,000 popanda wina kuba, kulemba nambala yolakwika kapena kukhudza mtengo uliwonse. Mndandanda wa mitengo uli bwinobwino. Kuchulukitsa ndi kuphatikiza kwayenda mmene kumayendera. Chasowa ndi liwu limodzi lokha kumapeto kwa fomula ya VLOOKUP, ndipo Excel sanena kanthu kuti lasowa. Imangotenga mtengo wa katundu wina n'kuuika pamalo pa mtengo womwe mumafuna.

Vutoli limapeza anthu a m'masitolo, m'mafamase, m'magalaja ndi m'maofesi owerengera ndalama, kulikonse kumene mitengo imasungidwa pa tsamba limodzi ndipo makotesheni amaitenga kumeneko. Kuti timvetse gwero lake, tiyeni titsatire mndandanda umodzi waung'ono, sitepe ndi sitepe.

Mndandanda wa pa shopu ya hadiweya

Tiyerekeze shopu ya zipangizo zomangira yomwe katundu aliyense ali ndi nambala yake. Mitengo ili pa tsamba lotchedwa Mitengo, ndipo apa ndi yongoperekera chitsanzo:

```
   A        B                    C
1  Nambala  Katundu              Mtengo
2  105      Misomali, 1kg        6000
3  120      Loko                 9500
4  310      Penti, malita 5      38000
5  150      Lata                 28000
6  210      Laimu, thumba        21000
7  400      Wilibala             120000
8  230      Simenti, thumba      32000
```

Mndandandawu sunasanjidwe motsata nambala. Umu ndi mmene mindandanda yambiri ya mitengo imakhalira: katundu amalembedwa pamene wafika, wina amalowetsedwa pafupi ndi mnzake wofanana naye, wina amangoikidwa pansi penipeni. Palibe cholakwika ndi zimenezo, pakuti munthu wofufuza ndi maso amapeza chimene akufuna.

Pa tsamba la kotesheni, kalaliki amalemba nambala ya katundu m'kabokosi ka A2, dzina amalemba yekha, ndipo mtengo umabwera ndi fomula iyi:

```
=VLOOKUP(A2,Mitengo!$A$2:$C$8,3)
```

Fomulayi ikuuza Excel zinthu zitatu: chimene ifufuze, ndicho nambala ya mu A2, kumene ifufuze, ndiko kuyambira A2 mpaka C8 pa tsamba la Mitengo, ndi kolamu yomwe itengemo yankho, ndiyo yachitatu, ya mitengo. Koma VLOOKUP ili ndi gawo lachinayi, lomwe pa sikirini limalembedwa `range_lookup`. Gawoli ndi lomwe limanena kafufuzidwe. Mukalembapo `FALSE`, Excel imafuna nambala yofanana ndendende ndi yanu. Mukalembapo `TRUE`, imavomera nambala yoyandikira. Ndipo mukapanda kulembapo kanthu, monga mu fomula ili pamwambayi, imatenga ngati mwalemba `TRUE`.

Anthu ambiri akamva zoti nambala yoyandikira amaganiza kuti Excel imayamba yafunafuna yeniyeniyo, ndipo ikaisowa m'pamene imatenga yapafupi. Zikanakhala choncho, mndandanda wathu sukanavuta, chifukwa simenti ilimo. Koma si mmene imagwirira ntchito.

Mmene imafufuzira

Munthu akamafuna nyimbo nambala 230 m'buku la nyimbo la kutchalitchi, sayambira tsamba loyamba. Amatsegula chapakati. Akapeza nyimbo 150 amadziwa kuti yake ili kutsogolo, ndipo masamba onse akumbuyo sawayang'ananso. Amatsegulanso pakati pa otsalawo, n'kumachita choncho mpaka ataipeza. Njirayi ndi yachangu, koma yatsamira pa chinthu chimodzi: kuti nyimbo zinasanjidwa kuyambira yoyamba kukwera m'mwamba. Buku litathothoka n'kusokedwanso masamba atasokonezeka, munthuyo akhoza kusiya kumbuyo tsamba lomwe pali nyimbo yake.

VLOOKUP yopanda `FALSE` imafufuza chimodzimodzi. Siona ngati mndandanda unasanjidwa. Imangokhulupirira kuti unasanjidwa kuyambira nambala yaing'ono kupita ku yaikulu, ndipo imayamba kudula pakati.

Tiitume simenti, nambala 230. Pa katundu asanu ndi awiri, wapakati ndi lata, 150. Poti 230 ndi yaikulu kuposa 150, Excel itaya mizere yonse yam'mwamba n'kutsala ndi itatu: 210, 400 ndi 230. Pakati pa itatuyi pali wilibala, 400. Tsopano 230 ndi yaing'ono kuposa 400, ndiye Excel iganiza kuti chilichonse chapansi pa wilibala chili ndi nambala yoposa 400, n'kuchitaya. Apa ndi pamene simenti yatayidwa isanayang'anidwe n'komwe. Watsala mzere umodzi, laimu, 210. Nambalayi siifika 230, ndipo palibenso kwina kofufuza. Lamulo la kafufuzidweka ndi lakuti yeniyeni ikasowa, mutenge yomwe mwathera yosapitirira imene mukufuna. Choncho pa kotesheni palembedwa K21,000, mtengo wa laimu, m'malo mwa K32,000.

Penti, nambala 310, imagwa pa sitepe yoyamba yomwe. Poti 310 ndi yaikulu kuposa 150, mizere yam'mwamba imatayidwa, ndipo penti ili momwemo. Kenako Excel ifika pa 400, ibwerera pa 210, n'kutenganso mtengo wa laimu. Chitini cha K38,000 chalembedwa K21,000.

Nanga lata? Nambala 150 ili pakati penipeni, ndiye imapezeka nthawi yomweyo ndi mtengo wake wolondola. Misomali, loko, laimu ndi wilibala nazonso zimatuluka bwino, chifukwa njira yodula pakati imadutsa pamizere yawo. Pa katundu asanu ndi awiri, asanu akupereka mtengo woona, awiri wabodza.

Kotesheni ija imatuluka motere. Matumba 40 a simenti anayenera kukhala K1,280,000, koma alembedwa K840,000. Zitini 6 za penti zinayenera kukhala K228,000, koma zalembedwa K126,000. Malata 25 ali pa mtengo wake, K700,000. Zonse pamodzi ndi K1,666,000 m'malo mwa K2,208,000. Kasitomala akalandira pepala lodindidwa sitampa ya shopu, n'zovuta kudzamuuza mawa lake kuti awonjezere theka la miliyoni.

Chifukwa chake sizioneka msanga

Chimene chimabisa vutoli ndi katundu asanu aja otuluka bwino. Wolemba fomula amaiyesa ndi nambala ziwiri kapena zitatu, kawirikawiri zoyambirira pa mndandanda, aona misomali ndi loko zatuluka bwino, n'kuikokera pansi kuti idzaze tsamba lonse. Kuyesa kotero sikutsimikizira kanthu.

Chinanso n'chakuti mtengo wabodzawo si nambala yachilendo. Ndi mtengo weniweni wa katundu weniweni wa m'shopu momwemo. K21,000 pa thumba sichidzidzimutsa diso la munthu amene wakhala akulemba makotesheni tsiku lonse, makamaka nthawi imene mitengo ikusinthasintha ndipo palibe amene akuisunga yonse pamtima. Ukanatuluka mtengo wa wilibala pa loko, aliyense akanaona. Koma katundu wa nambala zoyandikana nthawi zambiri amakhalanso wa mtundu umodzi ndi mitengo yosatalikirana, ndiye bodzalo limafanana ndi zoona.

Komanso fayilo imene yagwira bwino ntchito kwa miyezi ikhoza kusokonekera popanda wina kukhudza fomula. Mndandanda mwina unayamba uli wosanjidwa bwino, ndipo VLOOKUP inkapeza zonse. Tsiku lina wina alowetsa mzere wa katundu watsopano pamalo pamene waona kuti pakuyenera, kapena asanja mndandanda motsata mayina kuti usavute kuwerenga. Kuyambira pamenepo pakati pasuntha, njira yofufuzira yasintha, ndipo katundu amene dzulo ankatuluka bwino lero akutenga mtengo wa mnzake. Anthu amayamba kuloza chala kalaliki, pomwe iye akulemba monga mwa masiku onse.

Palinso nambala zomwe kulibe. Kalaliki akalemba 215 mwangozi, Excel sikana. Imapereka mtengo wa laimu. Akalemba 999, imadutsa 150 ndi 400 n'kukathera pa mzere womaliza, kenako n'kupereka mtengo wa simenti. Imadandaula pokhapokha kufufuza kwake kukathera pamwamba pa mzere woyamba, monga mutalemba 100, ndipo pamenepo m'pamene imalemba `#N/A`.

Nanga anaipangiranji choncho?

Kafufuzidwe aka kali ndi ntchito yake, ndipo pa ntchitoyo palibe kokaposa. Ndi ka matebulo a magawo, momwe nambala iliyonse ikuimira poyambira gawo. Tinene kuti shopu yomweyi imachotsera mtengo ogula matumba ambiri:

```
   A        B
1  Matumba  Kuchotsera
2  1        0%
3  50       3%
4  100      5%
```

Wogula matumba 70 sapezeka pa tebuloli, ndipo palibe chifukwa choti apezeke. Excel iyenera kutenga nambala yaikulu yosapitirira 70, ndiyo 50, n'kupereka 3 peresenti. Magiredi a mayeso, magawo a msonkho wa pa malipiro ndi mitengo yotumizira katundu motsata kulemera kwake zonse zimayenda motero. Matebulo otere amasanjidwa okha mwachibadwa, chifukwa palibe amene amalemba gawo la 100 pamwamba pa gawo la 50.

Mapulogalamu oyambirira a mtundu uwu anayamba ndi kafufuzidwe komweka. VisiCalc, yomwe inatuluka mu 1979, inali ndi `@LOOKUP` yofuna mndandanda wosanjidwa. Lotus 1-2-3 ya mu 1983 inali ndi `@VLOOKUP`, ndipo Excel, yomwe inatuluka koyamba mu 1985, inatengera mwambo womwewo. Kusintha lero zimene VLOOKUP imachita gawo lachinayi likasiyidwa kungasinthe mayankho m'mafayilo akale osawerengeka omwe amadalira khalidwe limeneli. N'chifukwa chake zakhala chomwecho mpaka pano, ndipo Google Sheets ndi LibreOffice Calc nazonso zimatenga mndandanda ngati wosanjidwa mukapanda kunena.

Ubwino wina ndi liwiro. Tsamba la Excel yamakono lili ndi mizere 1,048,576, ndipo kudula pakati kumafika pa mzere uliwonse mwa imeneyi m'masitepe pafupifupi 20. Pa makompyuta akale kusiyana kumeneku kunali kwakukulu. Pa mndandanda wa katundu 500 kapena 5,000, pa kompyuta ya masiku ano, simungakuone n'komwe.

Nambala ya katundu si gawo. Ndi dzina chabe lolembedwa ndi manambala. Simenti ndi laimu kukhala 230 ndi 210 sikutanthauza kuti mitengo yake ndi yoyandikana, ndipo palibe katundu amene ali pakati pa ziwirizi. Choncho pa mndandanda wa mitengo, yankho loyandikira ndi yankho lolakwika basi.

Kukonza kwake

Mankhwala ake ndi kuwonjezera gawo lachinayi lija:

```
=VLOOKUP(A2,Mitengo!$A$2:$C$8,3,FALSE)
```

Kulemba `0` m'malo mwa `FALSE` n'chimodzimodzi. Pa makompyuta ena, komanso mu LibreOffice Calc nthawi zambiri, magawo a fomula amalekanitsidwa ndi `;` m'malo mwa `,` koma tanthauzo silisintha. Tsopano zilibe kanthu kuti mndandanda unasanjidwa kapena ayi. Simenti ituluka K32,000, penti K38,000, ndipo 215 ibweretsa `#N/A`.

Ena akamva kuti vuto ndi kusasanja amathamangira kusanja mndandanda n'kusiya fomula momwe ilili. Izi zimachiza theka la matenda. Katundu yense amene alipo apezekadi, koma nambala yolembedwa molakwika ipitiriza kutenga mtengo wa yoyandikana nayo, ndipo katundu amene anachotsedwa pa mndandanda apitiriza kugulitsidwa pa mtengo wa amene ali pamwamba pake. Komanso mndandanda wa mitengo sukhalitsa uli wosanjidwa, chifukwa umakhudzidwa ndi manja ambiri.

Amene ali ndi Excel 2021 kapena Microsoft 365 angagwiritse ntchito XLOOKUP, yomwe Microsoft inailengeza mu 2019. Iyo mukapanda kunena kanthu imafuna nambala yofanana ndendende:

```
=XLOOKUP(A2,Mitengo!$A$2:$A$8,Mitengo!$C$2:$C$8)
```

Chofunika kukumbukira n'chakuti Excel 2016 ndi Excel 2019 zilibe XLOOKUP. Ngati fayilo idzatsegulidwa pa makompyuta a nthambi zina za bizinesi omwe ali ndi pulogalamu yakale, VLOOKUP yokhala ndi `FALSE` ndiyo yodalirika. Ndipo amene anauzidwa kuti INDEX ndi MATCH n'zabwino kuposa VLOOKUP adziwe kuti MATCH ili ndi msampha womwewu: gawo lake lachitatu likasiyidwa imafufuza modula pakati, ndiye pamafunika kulembapo `0`. HLOOKUP nayonso ndi chimodzimodzi.

Mukaika FALSE, musaope #N/A

Nthawi zambiri munthu akangokonza fomula, mabokosi angapo amasanduka `#N/A`, ndipo ena amabwerera ku fomula yakale poti inkaoneka yaukhondo. Koma mabokosi amenewo ndi omwe akhala akunama nthawi yonseyi. Lililonse likufunika kulifufuza, ndipo zifukwa zake si zambiri.

Choyamba, katunduyo mwina kulibedi pa mndandanda, kapena analembedwa pansi pa mzere umene fomula imalekezera. Fomula yathu imathera pa C8. Katundu wolembedwa pa mzere wa 9 siimuona. Chachiwiri, nambala ikhoza kukhala yosungidwa ngati mawu. Izi zimachitika kawirikawiri mndandanda ukachokera ku pulogalamu ina. Kwa Excel, 230 ya nambala ndi 230 ya mawu n'zosiyana. Ya mawu imakonda kutsamira kumanzere kwa kabokosi, ndipo nthawi zambiri pakona pake pamaoneka kachizindikiro kobiriwira. Chachitatu ndi mpata wosaoneka kumapeto kwa mawu, womwe fomula ya `TRIM` imachotsa.

Msampha wotsatira ndi kukuta fomula ndi `IFERROR` kuti pamalo pa `#N/A` pazilembedwa 0. Tsamba limaoneka bwino, koma katunduyo waperekedwa ulere, ndipo chiwerengero chapansi chimatuluka ngati zonse zili bwino. Ubwino wa `#N/A` ndi wakuti imafalikira mpaka pa chiwerengero chonse, ndipo kotesheni singatuluke munthu asanakonze. Kuibisa n'kubweza vuto lija ndi dzanja lanu.

Dziwaninso kuti `FALSE` siiteteza ku nambala yolembedwa kawiri. Ngati simenti ili pa mizere iwiri, wina wa mtengo wakale wina wa watsopano, VLOOKUP imatenga umene uli pamwamba. Mtengo ukasintha, usinthidwe pamzere wake womwewo.

Kuyesa fayilo imene mwaipeza kale

Ambiri sagwiritsa ntchito mafayilo olemba okha. Anawapeza paofesi, ndipo amene anawapanga anachoka kalekale. Pali njira ziwiri zachidule zodziwira ngati fayilo yotere ili ndi matendawa.

Yoyamba ndi kuwerenga mafomula. Pitani pa `Formulas` n'kusankha `Show Formulas`, kapena dinani `Ctrl+F`, lembani `VLOOKUP`, ndipo pa `Options` musankhe kufufuza mu `Workbook` yonse. Fomula iliyonse imene yathera pa nambala ya kolamu, kapena pa `TRUE` kapena `1` ngati gawo lachinayi, muifunse funso limodzi: kodi ikufufuza gawo kapena ikufufuza dzina? Ya tebulo la kuchotsera isiyeni, bola tebulolo likhale losanjidwa. Ya mitengo ikonzeni.

Yachiwiri imakuuzani katundu amene wakhala akunamiziridwa. Pa tsamba la Mitengo, m'kabokosi ka D2, lembani fomula iyi n'kuikokera pansi mpaka mzere womaliza:

```
=VLOOKUP(A2,$A$2:$C$8,1)=A2
```

Apa mukutuma Excel kufufuza nambala iliyonse mwa njira yakale ija, koma ibweze nambala imene yaimapo m'malo mwa mtengo, kenako iifananitse ndi yomwe munaituma. Pa mndandanda wathu, mizere ya penti ndi simenti ilemba `FALSE`, ina yonse `TRUE`. Malo ofufuzawo akhale ofanana ndendende ndi a mu fomula ya kotesheni, chifukwa kuwonjezera kapena kuchotsa mzere umodzi kumasuntha pakati. Yesani izi musanasanje kapena kusintha mndandanda, ndipo ngati pali makope ake a miyezi yapita, ayeseni nawonso, popeza katundu wolakwika mwezi uno sangakhale yemweyo amene ankalakwika kale. Mukadziwa katunduyo, mudziwanso makotesheni ndi malisiti oyenera kuwabwereza, ndi makasitomala amene analipira mopitirira kapena moperewera.

Pomaliza, pa tsamba la kotesheni kalaliki asamalembe yekha dzina la katundu. Dzinalo libwere ndi fomula yofanana ndi ya mtengo, kusiyana kokha kukhale `2` pamalo pa `3`. Akalemba 210 akufuna 230, nambala zonse ziwiri zilipo ndipo palibe fomula imene ingamuletse, koma pa pepala padzalembedwa laimu, ndipo kasitomala wofuna simenti adzafunsa asanalipire.